Kuitanitsa katundu pa foni ku Chemusa: uthenga wokwanira ndi wotani?

Amene amadutsa ku Chemusa pa msewu wochokera m'tauni ya Blantyre kudzera ku Mbayani kupita ku Chirimba aona kuti eni magolosale ambiri ndi ogulitsa mopikulitsa alemba nambala za foni pakhoma kapena pa kapepala komata pakauntala. Mawu ake amakhala akuti "Timalandira maoda pa foni", basi. Chidziwitso chotere chimangoitana makasitomala koma sichiwauza zoti alembe, ndipo mikangano yambiri imayambira pomwepo.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Mbayani, yemwe amaphika mandasi, watumiza uthenga usiku wakuti: "Munditumizire ufa ndi mafuta mawa ngati paja." Kwa iye, nkhani yatha. Koma mnyamata amene wagwira foni ya pashopu m'mawa si amene anamugulitsa sabata yatha. Sakudziwa ngati ufawo ndi woyera, mgaiwa kapena fulawa wophikira mandasi. Sakudziwa ngati mafutawo ndi botolo la malita 2, chigubu cha malita 5 kapena ndowa ya malita 20. Ndipo poti uthengawo wauwerenga kutacha, "mawa" kwa iye ndi tsiku linanso. Akayesa kuimba, foni ya mayiyo ndi yozima chifukwa magetsi anathima usiku. Mapeto ake wakabaza amanyamuka ndi thumba la ufa wa chimanga, kenako n'kubwerera nalo, ndipo ndalama ya maulendo awiriwo imasowa woilipira.

Zoyenera kulembedwa pa chidziwitso

Chidziwitso chabwino chimakhala chachifupi moti munthu angachiwerenge ali chiimire podikira chenje. Mwini shopu angalembe motere:

Makasitomala athu olemekezeka, mukamaitanitsa katundu pa foni, lembani zinthu izi mu uthenga umodzi:
1. Dzina lanu ndi dera limene mukukhala.
2. Katundu amene mukufuna, kukula kwake ndi kuchuluka kwake.
3. Tsiku ndi nthawi imene mukumufuna.
4. Ngati mudzatenga nokha kapena tipatsire wakabaza, ndi malo odziwika oti akupezeni.
5. Njira yolipirira: Airtel Money, Mpamba kapena ndalama pamanja.
Musatumize ndalama tisanakuyankheni ndi mtengo wonse. Oda yofika ikadutsa 4 koloko madzulo tidzaikonza tsiku lotsatira.

M'munsi mwake alembe nambala imodzi yokha yolandirira maoda, nambala yolipirira, ndi dzina limene nambala yolipirirayo inalembetsedwera. Ngati mayi wa mandasi uja atatsatira chidziwitsochi, uthenga wake ungakhale wotere:

ODA. Mayi a Chisomo, Mbayani. Fulawa 25kg x1, mafuta 5L x2, shuga 1kg x4. Lachiwiri 6 m'mawa, kabaza, pa kiyosiki ya madzi kuseri kwa chigayo. Mpamba.

Aliyense amene angatole foni pashopu, ngakhale atayamba ntchito dzulo, angathe kulongedza katunduyu osafunsa kanthu. Mayiyo watchula tsiku ndi dzina lake m'malo monena kuti mawa. Walemba kukula kwa chinthu payokha ndi kuchuluka kwake payokha, choncho palibe amene angaganize kuti akufuna belo la shuga pamene akufuna mapaketi anayi. Watchulanso chizindikiro cha malo, chifukwa m'makwalala a ku Mbayani ndi ku Chemusa wakabaza safufuza nambala ya nyumba, amafufuza chigayo, tchalitchi, sukulu kapena kiyosiki ya madzi.

Chifukwa cholembera uthenga umodzi

Uthenga wamba wa pafoni umatenga zilembo 160, kuwerengera mipata ndi zizindikiro zopumira. Chitsanzo cha mayi uja chakwana bwino mkati mwa malirewo. Uthenga ukapitirira pamenepo, foni imaudula m'zigawo, ndipo wotumiza amalipira chigawo chilichonse ngati uthenga pawokha. Palinso msampha wina umene olemba Chichewa amagwamo osadziwa. Chilembo cha ŵ ndiponso tizithunzi ta nkhope zoseka sizili m'gulu la zilembo wamba za uthenga wa pafoni, ndipo kuikamo chimodzi chokha kumatsitsa malire aja kufika pa zilembo 70. Pa oda, lembani w wamba ndipo tizithunzi tisiyeni.

Vuto lalikulu la oda yobwera m'mauthenga atatu kapena anayi ndi lakuti pakati pake pamalowa mauthenga a anthu ena. Wina walemba "shuga", kenako "mapaketi 10", kenako "ayi, 6 basi". Pa nthawi imeneyo foni ya pashopu yalandiranso maoda a ku Chilomoni ndi ku Ndirande, ndipo wolongedza amaona uthenga wachiwiri koma wachitatu osauona. Lamulo labwino loika pa chidziwitso ndi lakuti wofuna kusintha oda alembe yonse kachiwiri, ayambe ndi mawu akuti "KUSINTHA", ndipo uthenga womaliza ndi umene udzatsatidwe.

Yankho la wogulitsa

Kutumiza uthenga sikutanthauza kuti malonda atheka. Uthenga wa kasitomala ndi pempho chabe, ndipo pangano limakhalapo wogulitsa akavomera. N'chifukwa chake yankho la pashopu liyenera kubwereza katundu yense ndi mitengo yake. Mitengo yotsatirayi ndi yongoyerekeza:

Talandira oda 14. Fulawa K60,000, mafuta K60,000, shuga K14,000, kabaza K3,000. Zonse K137,000. Mtengowu ndi wa lero mpaka 6 madzulo.

Nambala ya oda imathandiza kuti pakhale chinthu chimodzi chimene kasitomala, wolongedza ndi wakabaza onse akutchula, ndipo ilembedwenso pa katoni kapena pa thumba. Malire a nthawi ya mtengo ndi ofunika masiku ano. Kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya shuga ndi mafuta ophikira yakhala ikusinthasintha, ndipo kasitomala amene akukumbukira mtengo wa sabata yatha angaganize kuti akumubera. Ngati katundu wina watha, wogulitsa anene mu yankho lomwelo ndipo afunse kaye asanaike mtundu wina. Mayi wa mandasi amadziwa fulawa amene amamutupira bwino, ndipo kumusinthira osamuuza ndi kumuonongera bizinesi ya tsiku lonse.

Kasitomala akakhutira, ayankhe kuti "Ndavomera oda 14", kenako alipire.

Kulipira mosaberedwa

Wolipira pa Airtel Money amayamba ndi *211#, ndipo wa TNM Mpamba amayamba ndi *444#. Musanalembe nambala yanu yachinsinsi, yang'anani kawiri nambala ya wolandira, ndipo dzina limene foni yaonetsa lifanane ndi limene lili pa chidziwitso cha pashopu. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, motsatira dongosolo la bungwe la MACRA, choncho dzina lachilendo ndi chifukwa chokwanira choti muime kaye n'kuimba foni.

Akuba apafoni amadziwa bwino mmene malondawa amayendera. Uthenga wawo wodziwika ndi uja wakuti foni yathu yavuta, ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Amautumiza kwa anthu ambirimbiri mwachisawawa, podziwa kuti mmodzi mwa iwo akudikiradi kulipira wina wake. Chidziwitso cha pashopu chikanena poyera kuti nambala yolipirira sisinthidwa kudzera pa uthenga, kasitomala amakhala ndi poimira. Ndipo palibe wogulitsa woona amene angafunse nambala yanu yachinsinsi.

Wogulitsa nayenso amaberedwa. Munthu angathe kutenga uthenga wakale wotsimikizira malipiro, kusintha ndalama ndi tsiku, n'kuutumiza kuchokera pa nambala yake. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani ya mafoni, osati pa nambala wamba yoyamba ndi 099 kapena 088. Njira yotsimikizika ndi kuona ndalama zimene zili mu akaunti katundu asanatuluke pakhomo. Kasitomala akalipira, atumize nambala ya malipiro imene ili mu uthenga wotsimikizira pamodzi ndi nambala ya oda, kuti wogulitsa adziwe kuti K137,000 imene yalowa ndi ya ndani.

Nkhani ya ndalama yochotsera kwa ejenti nayo ikambidwe poyamba. Ogulitsa ena amafuna kuti kasitomala aonjezere ndalamayo pamwamba. Ngati ndi choncho, zilembedwe pa chidziwitso ndiponso mu mtengo wonse, osati kudzatulukira wakabaza ataima kale pakhomo.

Katundu akafika, kapena akapanda kufika

Wakabaza akafika, werengani katundu iye ali pomwepo, uthenga wa wogulitsa uli m'manja. Onani ngati chigubu cha mafuta chili chotsekedwa ndiponso ngati thumba silinang'ambike kapena kunyowa. Zikakhala bwino, lembani kuti "Oda 14 ndalandira". Pakasowa kanthu, lembani nthawi yomweyo chimene chasowa. Dandaulo lobwera patapita masiku awiri limavuta kuweruza, chifukwa wogulitsa amaloza wakabaza, wakabaza n'kuloza ana apakhomo.

Mauthenga onsewa musawafufute mpaka nkhani itatha. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza kuti uthenga wa pafoni ungakhale umboni, ndipo oda, yankho la mtengo ndi uthenga wa malipiro pamodzi zimaonetsa amene analonjeza, chimene analonjeza ndi ndalama imene inaperekedwa. Pangano la pa foni yoimba silisiya umboni wotere, choncho mukagwirizana kanthu pakamwa, mmodzi wa inu alembe mwachidule zimene mwagwirizanazo n'kutumizira mnzake.

Poyambira kudandaula ndi kwa mwini shopu, ndipo ngati amagulitsira mumsika, komiti ya msika imathandiza kuyanjanitsa anthu. Ndalama ikapita ku nambala yolakwika, imbirani kampani ya mafoni mwamsanga, wolandirayo asanaichotse, ndipo mukhale ndi nambala ya malipiro pafupi. Ngati mwaberedwa mwachinyengo, kanenani kupolisi mutatenga foni imene ili ndi mauthengawo. Madandaulo okhudza wogulitsa amene walandira ndalama koma akukana kupereka katundu kapena kubweza ndalamayo amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo ufulu wa ogula umatetezedwa ndi lamulo la Consumer Protection Act la 2003. Ngati vuto ndi sikelo kapena thumba lolembedwa makilogalamu 25 koma lopepuka, nkhaniyo ndi ya Malawi Bureau of Standards, bungwe limene limayendera miyezo ya pamalonda. Kulikonse kumene mungapite, adzafuna kuona zimene munalemba ndi zimene munayankhidwa.