Kodi msonkho wa pachipata umakulitsa mafakitale ongoyamba kumene?

Wophunzira za chuma akapatsidwa funso lakuti ngati msonkho wa katundu wolowa m'dziko umateteza mafakitale ongoyamba kumene, amafulumira kusankha mbali: inde kapena ayi. Koma wolemba wochenjera amayamba wawerengera ndalama, kenako n'kufunsa mbiri ya mayiko amene anayesapo.

Ganizoli ndi lakale. Alexander Hamilton analilemba ku Amereka mu 1791, ndipo Friedrich List wa ku Jeremani analikulitsa mu 1841. Mfundo yawo inali yakuti fakitale yatsopano imapanga katundu modula chifukwa antchito sanazolowere makina ndiponso katundu wake akadali wochepa. Ikapatsidwa nthawi, mtengo umatsika.

Ndime yoyamba ionetse zimenezi ndi chitsanzo chongoyerekeza. Malaya ochokera kunja afika pa K10,000, pamene fakitale ya m'dziko imawononga K12,000 kusoka malaya omwewo. Boma likaika msonkho wa 30 peresenti, akunja aja amakwera kufika K13,000, ndipo fakitale ikhoza kugulitsa ake pa K12,500 n'kupeza phindu. Chitetezo chilipodi, koma walipira ndi wogula, amene watulutsa K2,500 yoonjezera. Ndalamayo imakhala kuti yagwira ntchito pokhapokha ngati patapita zaka fakitaleyo yaphunzira kusoka malaya pa mtengo wosapitirira K10,000. Ngati ikadali pa K12,000, ndiye kuti anthu akungolemeretsa mwini fakitale. Komanso boma likadula msonkho wofanana pa nsalu, ulusi ndi mabatani ochokera kunja, ndalama zosokera zimakwera, chitetezo chija n'kuchepa.

Mtima wa nkhani uli pa kuyerekeza mayiko awiri amene anateteza galimoto zawo. South Korea inatsekereza galimoto zakunja pamene kampani ya Hyundai inkatulutsa galimoto yake ya Pony mu 1975. Koma boma la Park Chung-hee silinkapereka chitetezo chaulere. Makampani ankauzidwa kuchuluka kwa katundu woti agulitse kunja, ndipo ngongole zotsika mtengo zinkapita kwa okwaniritsa. Kunja kulibe wokukondera. Galimoto yosalimba sigulidwa. Pofika 1986, Hyundai inali ikugulitsa galimoto ku Amereka.

Malaysia inayambitsa kampani ya Proton, imene inatulutsa galimoto ya Saga mu 1985, motetezedwa ndi misonkho yokwera. Proton inalamulira msika wa kwawo, koma kunja sinazike mizu. Mpikisano utakula, ogula anayamba kuithawa, ndipo mu 2017 kampani ya Geely ya ku China inagula magawo 49.9 pa 100 alionse a Proton. Mwana amene mayi sanamuletse kuyamwa pa nthawi yake amavuta tsiku lomusiyitsa, ndipo eni fakitale yozolowera chitetezo amalimbana ndi aliyense wofuna kuchichotsa, ponena kuti ntchito za anthu zitha.

Wolemba wa ku Malawi ali ndi chitsanzo pakhomo. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inakula msika uli wotetezedwa. Malonda atamasulidwa, nsalu zotchipa ndi kaunjika n'kusefukira m'zaka za m'ma 1990, inafooka mpaka boma linaigulitsa kwa Mapeto mu 2003. Ena amati zimenezi zikuonetsa kuti chitetezo chinachotsedwa msanga. Ena amati zaka zonse zija sizinaiphunzitse kupikisana. Nkhani yabwino iike mbali zonse ziwiri poyera, ndipo ikumbutse kuti msonkho suyatsa magetsi, sukonza msewu, subweretsa ndalama zakunja zogulira zipangizo za makina.

Pasaiwalike kubwezera kwa mayiko ena. Mu 2016 dziko la Rwanda linakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu. Amereka, kumene kumachokera kaunjika wambiri, inayankha mu 2018 pochotsa mwayi woti zovala za ku Rwanda zizilowa kumeneko popanda msonkho pansi pa lamulo la AGOA. Palinso ozembetsa katundu, amene amachuluka msonkho ukakwera m'dziko la malire ataliatali.

Pomaliza, wophunzira aweruze mosaphiphiritsa, ndipo umboni ukuloza kumodzi. Msonkho umatetezadi fakitale kuti isafe msanga, koma paokha sukulitsa. Umathandiza ngati tsiku louchotsa lalengezedwa pachiyambi, ngati fakitale ikuyesedwa ndi mtengo wa katundu wake ndi malonda ake akunja, ndiponso ngati boma lili ndi mphamvu zosiya kuthandiza yolephera. South Korea inakwanitsa kuika makampani ake pa mayeso otere. Malaysia, pa nkhani ya Proton, inachedwa.