Katapila: mmene ngongole imodzi imaberekera zina

Kwa Khwethemule m'boma la Thyolo, mabanja ambiri amadalira ntchito ya m'minda ya tiyi. Ntchito yothyola tiyi imachuluka nthawi ya mvula, ndipo m'chilimwe imachepa. Ndalama zikatha tsiku la malipiro lisanafike, ena amathamangira kwa akatapila. Tifotokoze mmene msampha umenewu umagwirira munthu, popeza nafenso kunyanja timauona nthawi ya mwera kapena nyanja ikatsekedwa.

Tiyerekeze kuti mayi wothyola tiyi wakongola K20,000 kuti apite ndi mwana kuchipatala. Agwirizana kuti pakutha pa mwezi adzabweza K30,000, kutanthauza chiwongoladzanja cha K50 pa K100 iliyonse. Malipiro afika, koma akachotsapo K30,000 pakhomo sipatsala ya ufa. Wakatapila sakalipa ayi. Amangoti mayiyo apereke K10,000 ya pamwamba yokha, inayo adzaone mwezi wamawa.

Apa ndi pamene pali msampha. K10,000 imeneyi sichepetsa ngongole ngakhale ndi tambala imodzi. Imangogula mwezi wina. Pakatha miyezi inayi mayiyo amakhala atapereka K40,000, kuwirikiza kawiri ndalama imene anatenga, koma K20,000 ija ikadali pomwepo.

Mwezi wina ya pamwambayo ikasowa, imaphatikizidwa ku ngongole, ndipo nayonso imayamba kubereka. K30,000 imasanduka K45,000, kenako K67,500. Poopa zimenezi, mayiyo amakatenga K10,000 kwa wakatapila wachiwiri n'kukapereka kwa woyamba. Tsopano ali ndi ngongole ziwiri, ndipo ya pamwamba yokha ndi K15,000 mwezi uliwonse. Pamenepo wachitatu sachedwa kubwera. Akatapila ena amasunga khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi, n'kumatapa okha malipiro akangolowa, choncho wokongolayo amakongolanso tsiku lomwelo.

Tingadziwe kuti takodwa ngati tapereka kawiri kapena katatu koma ndalama imene tinatenga sikutsika, kapena ngati tikukongola kuti tibweze ngongole ina.

Tikafika pamenepo, choyamba tileke kutenga ngongole yatsopano. Tilembe m'kope ndalama imene tinatenga ndi zonse zimene tapereka. Kenako tikakambirane ndi wokongozayo pamaso pa mboni kapena a mfumu, kuti chiwongoladzanja chiime ndipo zotsalazo tizibweza pang'onopang'ono. Akakana, tidziwe kuti khoti lili ndi mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso. Komanso malinga ndi malamulo a 2010 oyendetsera mabungwe azachuma, wochita malonda okongoza ndalama amayenera kukhala ndi chilolezo chochokera ku Banki Yaikulu ya dziko lino.

Tisanalandire ndalama, tidzifunse funso limodzi: kodi tsiku lobweza likadzafika, tidzatha kupereka zonse pakamodzi, ya ufa n'kutsala? Ngati sizingatheke, ngongoleyo idzabereka ina.