Mapepala Awiri Amene Amapanga Wachiwiri kwa Mphunzitsi Wamkulu

Pa sukulu zambiri kuno ku Malawi, mukafunsa ntchito ya adepute, yankho limakhala lakuti "amathandiza ahedi." Yankholi si labodza, koma ndi lopanda mpanda. Pa sukulu ina kuthandizako kumangokhala kuimba belu ndi kuyang'anira zosesa, pamene pa ina adepute amasenza sukulu yonse ahedi ali ku misonkhano. Chimene chimatseka mpata umenewu ndi mapepala awiri ofunika kulembedwa munthu asanasankhidwe. Loyamba limalongosola ntchito ya pa mpandowo. Lachiwiri limalongosola munthu woyenera kukhalapo. Ambiri amawaphatikiza, koma ndi osiyana, ndipo lachiwiri liyenera kubadwa kuchokera ku loyamba.

M'sukulu za boma, nkhani zokweza aphunzitsi pa ntchito ndi za mwambo wawo zili m'manja mwa bungwe la Teaching Service Commission, osati komiti ya sukulu. Sukulu zomwe si za boma zimadzilembera zokha mapepalawa. Komabe ngakhale pa sukulu ya boma, ahedi ndi adepute amafunika kugawana ntchito molemba, chifukwa kalata ya udindo sinena amene asunge makiyi a chipinda cha mabuku.

Tiyerekeze sukulu ya pulaimale ya Sitandade 1 mpaka 8, ya ana 1,200, makalasi 16 ndi aphunzitsi 14, kuphatikizapo ahedi ndi adepute. Pepala la ntchito limayamba ndi zinthu zooneka zazing'ono: dzina la udindo, amene adepute amayankha kwa iwo, omwe ndi ahedi, ndi amene amayankha kwa adepute, monga atsogoleri a magawo a makalasi aang'ono, apakati ndi aakulu. Kenako pamabwera chiganizo chimodzi chonena cholinga cha mpandowo, mwachitsanzo kuonetsetsa kuti kalasi iliyonse ikuphunzitsidwa tsiku lililonse, ndi kugwirizira sukulu ahedi akachokapo.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa mndandanda wa maudindo. Pano mawu akuti "kuyang'anira maphunziro" sathandiza aliyense. Pepala labwino limati adepute adzakonza taimutebulo sukulu isanatsekulidwe, adzaona masikimu ndi mapulani a maphunziro Lachisanu lililonse, adzatseka buku losainira aphunzitsi nthawi yolowera ikakwana, adzaonerera mphunzitsi aliyense akuphunzitsa kamodzi pa teremu, ndiponso adzayendetsa mayeso a kumapeto kwa teremu. Udindo uliwonse ukhale ndi mneni, ndi nthawi yake, ndi buku limene munthu angatsegule kuti aone ngati wachitikadi. A PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, akabwera kudzayendera sukulu, ndi mabuku omwewa amene amaitanitsa.

Tsopano tiwerengere. Kupatula ahedi ndi adepute, aphunzitsi otsala ndi 12. Ngati kuona sikimu ndi mapulani a mphunzitsi mmodzi kutenga mphindi 15, ndiye kuti Lachisanu lililonse pakufunika maola 3. Kuonerera aphunzitsi 12 pa teremu kukutanthauza pafupifupi mmodzi sabata iliyonse, ndipo pambuyo pake pafunika kukhala naye pansi n'kukambirana zimene zaoneka. Onjezerani kuti makalasi ndi 16 pomwe aphunzitsi ndi 14, kotero m'mawa uliwonse pali makalasi osachepera awiri ofuna wowagwirizira, ngakhale pasakhale wodwala kapena wopita ku maliro. Ndiye ngati adepute omwewo apatsidwa Sitandade 8 yonse, ana oyembekezera mayeso a MANEB, chimodzi chiyenera kufa. Mwina ana azikhala okha m'kalasi, mwina masikimu azingodindidwa osawerengedwa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: siginecha za masabata asanu zolembedwa tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi, popanda ndemanga ngakhale imodzi.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti mzere wofunika koposa m'pepala lonse ndi wonena kuchuluka kwa mapiriyodi amene adepute aziphunzitsa, ndipo ndi mzere womwe umaiwalika kawirikawiri. Pa sukulu yathuyi, njira yabwino ndi kuwapatsa maphunziro awiri okha m'kalasi imene ali ndi mnzawo, n'kulemba kuti atsogoleri a magawo ndiwo aziyamba kuona mapulani, adepute n'kumaona ochepa mosinthasintha.

Pepalali linenenso malire. Ahedi akachoka, adepute angathe kupereka chilolezo kwa mphunzitsi wopita ku chipatala, kulandira alendo ndi kulemba m'buku la zochitika pa sukulu. Koma sangachotse mphunzitsi ntchito. Chawo ndi kulemba zimene zachitika, tsiku ndi nthawi, n'kupereka kwa ahedi kuti nkhani ipite kwa a PEA ndi ku ofesi ya maphunziro ya m'boma. Pa ndalama za sukulu palembedwe poyera ngati adepute amasainira nawo kapena ayi. Palinso chiganizo chija chotsekera, chakuti "ndi ntchito zina zonse zimene ahedi angapereke." Sichingachotsedwe, koma chiwonjezeredwe mawu akuti "zogwirizana ndi udindowu," kupanda kutero adepute amasanduka wotumidwa.

Pepala lachiwiri, la munthu, limalembedwa poyang'ana loyamba mzere ndi mzere. Limagawidwa pawiri: zimene wofunsira ayenera kukhala nazo, ndi zimene zingangomuwonjezera mwayi. Ku pulaimale, satifiketi ya MSCE ndi ya uphunzitsi yochokera ku koleji yophunzitsa aphunzitsi zili m'gulu loyamba, pamodzi ndi zaka zimene olemba agwirizana kuti munthu akhale ataphunzitsa. Dipuloma kapena luso la kompyuta zingakhale m'gulu lachiwiri. Kusakaniza magulu awiriwa kumapweteka. Sukulu ya kumudzi yopanda magetsi ikalemba kuti kompyuta ndi yokakamiza, yataya mayi amene wayendetsa bwino gawo la makalasi aang'ono kwa zaka zambiri, chifukwa cha luso lomwe sadzaligwiritsa ntchito.

Vuto lina ndi mawu okoma osayezeka: "wolimbikira," "wakhalidwe," "wokonda ana." Palibe wofunsira amene angakane kuti ali choncho. Khalidwe lililonse lolembedwa likhale ndi njira yolionera. Ngati ntchito ili ndi taimutebulo, pa intavyu mupatseni wofunsira pepala la makalasi 16 ndi aphunzitsi 14, mumuuze kuti awiri sanabwere lero, ndipo akonze tsikulo m'mphindi 20. Wodziwa ntchito amayamba ndi ana a Sitandade 1 ndi 2, amene sangasiyidwe okha, amaphatikiza makalasi a sitandade imodzi, ndipo a Sitandade 8 amawasiyira ntchito yolemba. Wosadziwa amangoti "ndiphunzitsa ndekha."

Pa za kutsogolera anzake, mufunseni za mphunzitsi wachikulire, amene mwina anamuphunzitsa iyeyo, yemwe wachedwa katatu sabata imodzi. Yankho labwino limatchula kulankhula naye paseri mwaulemu, kumva chifukwa chake, kulemba zimene agwirizana, ndi kuuza ahedi zikapitirira. Pa za chitetezo cha ana, mufunseni chimene angachite mtsikana wa Sitandade 7 akaulula kuti mphunzitsi wina akumufunsira. Amene ayankha kuti angawaitane awiriwo n'kuwayanjanitsa kuti sukulu isachite manyazi, asapatsidwe mpandowo ngakhale atakhala ndi masatifiketi ochuluka bwanji. Woyenera amateteza mwanayo kaye, amalemba mawu ake monga wawanenera, amadziwitsa ahedi tsiku lomwelo, ndipo amadziwa kuti nkhani yotere imafika kwa makolo, kwa a PEA, kwa a zachitetezo cha ana ndi kupolisi.

Ofunsa mafunso agwirizane malikisi a funso lililonse asanaitane munthu woyamba, aliyense alembe ake payekha, ndipo mapepalawo asungidwe. Mphunzitsi amene sanasankhidwe akadzabwera kudzafunsa chifukwa, aonetsedwe mzere umene anaperewera ndi malikisi amene anapeza.