Sitetasi ya pa WhatsApp: Kubisa Kumayamba Musanaike

Kuyambira mu 2017, WhatsApp imalola munthu kuika chithunzi, vidiyo kapena mawu pa sitetasi, ndipo zimafufutika zokha pakatha maola 24. Maolawo amawerengedwa pa chinthu chilichonse pachokha. Chithunzi choikidwa 7 koloko m'mawa chimachoka 7 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, pamene china choikidwa madzulo chimatsalabe mpaka madzulo.

Si aliyense amene ali ndi nambala ya munthu angaone sitetasi yake. Pamafunika kuti awiriwo asungirane manambala m'mafoni mwawo. Kasitomala amene anasunga nambala ya wogulitsa, koma wogulitsayo sanasunge yake, sadzaona chilichonse ngakhale atadikira chaka.

Pakati pa anthu osungiranawo, mwini foni amasankha yekha. Akalowa mu Settings, kenako Privacy, kenako Status, amapeza njira zitatu. My contacts imaonetsa onse. My contacts except... imaonetsa onse kupatula amene wawachonga. Only share with... imaonetsa okhawo amene wawasankha. Wobisiridwayo salandira uthenga uliwonse womuuza kuti wachotsedwa, ndipo macheza ena amapitirira monga kale.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa nthawi yosinthira. Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje amene waika mitengo ya oda 8 koloko m'mawa, yoti aone okhawo opikula zambiri. Pofika 10 koloko wakumbukira kuti ogula chitenje chimodzichimodzi nawonso akuiona, ndiye wathamangira ku My contacts except... n'kuwachonga onse. Zimenezi sizithandiza kanthu pa mitengo ija, chifukwa kusinthako kumagwira ntchito pa masitetasi a m'tsogolo okha. Choyenera kuchita n'kufufuta sitetasiyo, kusankha anthu, kenako kuikanso. Foni imasunga zosankhazo, choncho mawa akafuna kulengeza katundu watsopano kwa onse, ayenera kubwezera pa My contacts asanaike.

Njira ziwiri zobisirazi zimasiyananso akasunga nambala yatsopano. Pa My contacts except..., munthu watsopanoyo amayamba kuona masitetasi otsatira popanda kufunsa, pamene pa Only share with... amakhala kunja mpaka atawonjezeredwa. Pa nkhani za m'banja, monga chinkhoswe chimene sichinalengezedwe, njira yachiwiriyi ndiyo yodalirika.

Nanga angadziwe bwanji amene aona? Pansi pa sitetasi pali kachizindikiro ka diso kamene kamatulutsa mayina awo. Koma mndandandawu sukhala wokwanira nthawi zonse: amene anazimitsa Read receipts amaona dzina lake osatuluka, ngakhale iyenso amataya mwayi wodziwa amene aona zake.

Maola 24 aja nawonso ali ndi malire. Woona akhoza kujambula sikirinishoti, ndipo WhatsApp simuuza mwini wake. Mitengo ya mayi uja ikajambulidwa 9 koloko, imatha kuzungulira m'magulu ngakhale ataifufuta 10 koloko.