Kadzidzi wa m'balani: kuuluka kachetechete ndi makutu osalingana

Ngati munakhalako pa mafamu a fodya a ku Mashonaland, monga ku Banket, ku Mvurwi kapena ku Karoi, mwina munamuonapo kadzidzi wa nkhope yoyera akutuluka m'balani dzuwa litalowa. Ana a ogwira ntchito omwe makolo awo anachokera ku Malawi amati kadzidzi, anzawo a Chishona amati zizi, ndipo onse akuluakulu anawauza kuti ndi mbalame ya afiti. Manthawa ali ndi pochokera: mbalame yamapiko aakulu ikudutsa pamwamba pa mutu wanu, inu osamva kalikonse. Ophunzira anu akafunsa chifukwa chake, yankho lili m'nthenga ndi m'makutu.

Tiyambe ndi nthenga. Njiwa ikamauluka mumamva phaphapha chifukwa mpweya umasweka pa mapiko ake olimba n'kupanga timafunde taphokoso. Pa phiko la kadzidzi pali zinthu zitatu zoletsa zimenezi, ndipo R. R. Graham anazifotokoza mu 1934. Nthenga yakutsogolo kwenikweni ili ndi timano m'mphepete ngati chipeso, tomwe timathandiza mpweya kuyenda mosalala pamwamba pa phiko. Kumbuyo kwa nthenga kuli timinyenyeswa tofewa ngati mathero a nsalu yosapinda, choncho mpweya wapamwamba ndi wapansi umakumana pang'onopang'ono. Chachitatu ndi ubweya wofewa pamwamba pa nthenga, woti nthenga zikamakhulana zisamveke. Mukatola nthenga pansi pa balani, pititsanipo chala, mudzamva kufewako. Onjezani apo kuti mapiko ndi aakulu pomwe thupi limangolemera pafupifupi magalamu 300, ndiye kadzidzi amatha kuuluka pang'onopang'ono osakupiza kwambiri.

Anthu ambiri amati chete ameneyu ndi woti mbewa isamve. N'zoona, koma ndikuona kuti chifukwa chachiwiri chimaiwalika: kadzidzi amamvetsera ali m'lere, ndipo mapiko aphokoso akanatseka makutu ake omwe.

Makutuwo simungawaone. Ndi mabowo awiri obisika m'nthenga kuseri kwa maso, ndipo nkhope yonga lichero ija imasonkhanitsa mawu n'kuwalowetsa m'mabowomo. Tinthenga toimirira ngati nyanga pa mitu ya akadzidzi ena si makutu ayi. Chodabwitsa n'chakuti pa kadzidzi wa m'balani khutu lamanzere lili pamwamba pang'ono kuposa lamanja. Lamanzere linapendekera pansi, lamanja linapendekera kumwamba.

Tiyerekeze kuti mbewa ikutswatswaza masamba ouma a chimanga kumanja kwa kadzidzi amene wakhala pa mtengo wa mpanda. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Ngati makutu atalikirana masentimita 5, gawani 0.05 ndi 340: phokoso lochokera kumbali kwenikweni lifika ku khutu lamanja masekondi pafupifupi 0.00015 lisanafike kumanzere. Kusiyana kwa nthawi kumeneku kumauza ubongo kuti mbewa ili mbali iti. Koma nthawi yokha siinena ngati ili pafupi ndi tsinde la mtengowo kapena patali, m'mwamba kapena pansi. Apa m'pamene kusalingana kwa makutu kumagwira ntchito. Phokoso lochokera pansi limamveka kwambiri kumanzere, lochokera m'mwamba limamveka kwambiri kumanja. Kadzidzi amatembenuza mutu mpaka phokoso lifike nthawi imodzi komanso mphamvu imodzi ku makutu onse awiri. Zikatero, mbewa ili pamphuno pake.

Izi si zongoganizira. Roger Payne, m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1971, anaonetsa kuti kadzidziyu amagwira mbewa m'chipinda cha mdima wa ndiwe yani. Atakoka kampira ka pepala m'masamba ouma, kadzidzi anakambwandira, kusonyeza kuti satsata fungo kapena kutentha kwa thupi, koma phokoso. Kenaka Eric Knudsen ndi Masakazu Konishi anatseka khutu limodzi. Atatseka lamanzere, kadzidzi ankaloza pamwamba pa pomwe phokoso linali, chifukwa lamanja ndilo linkamva kwambiri. Atatseka lamanja, ankaloza pansi.

Luso limeneli lili ndi malire. Mbewa ikakhala duu, mumdima weniweni kadzidzi sangaipeze. Mphepo ikamawomba m'chimanga, phokoso la mbewa limasokonekera. Nthenga zofewa zija zimanyowa msanga, ndiye usiku wa mvula yamvumbi mu Januwale kadzidzi amatha kugona ndi njala, ndipo ikapitirira masiku angapo anapiye m'chisa amafooka. Akadzidzi onse sali chimodzimodzi: kadzidzi wogwira nsomba wa ku mtsinje wa Zambezi alibe chete wotereyu, pakuti nsomba ili m'madzi simva mapiko akubwera.