Mitengo Iwiri, Sopo Mmodzi

Wogulitsa sopo pa intaneti akafuna kudziwa mtengo wabwino, amagawa ogula pawiri mwachisawawa: ena amaona K2,000, ena K2,500. Chithunzi ndi dzina zikhale zomwezo, masiku akhalenso omwewo, poti malonda a kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, safanana ndi a pakati pa mwezi.

Tinene kuti sopoyo anamugula K1,500. Mwa anthu 500 oona mtengo wotsika agula 40, phindu K20,000. Mwa 500 enawo agula 30 okha, koma phindu K30,000. Wowerenga ogula okha akanasankha molakwika. Komabe kusiyana kwa anthu 10 kungangochitika mwamwayi, choncho mayesowo apitirire mpaka ogula achuluke.