Tebulo Likatsutsana ndi Mawu, Mawa Lili Tsiku Lopereka

Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Dambwa, mu Livingstone, amene akuchita digiri ya masitala ku Yunivesite ya Zambia. Wafunsa ogulitsa ziboliboli 120 ngati anatengapo ngongole ya bizinesi. Usiku woti mawa apereka buku la kafukufuku wake, akuona kuti m'chaputala chachinayi analemba kuti 54 peresenti anatenga ngongole, pamene tebulo likuti 45 peresenti. Maso ake sakumunamiza. Anthu amene anavomera analipo 54, ndipo 54 mwa 120 ndi 45 peresenti. Polemba, anatenga chiwerengero cha anthu n'kuchiyesa peresenti.

Choyamba asakhudze tebulo. Atsegule fayilo ya Excel kapena SPSS momwe analowetsa mayankho, awerengenso. Mwina olakwika ndi mawu, monga pano. Mwinanso tebulo ndi lakale, lopangidwa asanachotse mapepala osayankhidwa bwino. Fayiloyo ndiyo idzagamula. Kusintha nambala za m'tebulo kuti zimvane ndi zimene walemba ndi kupeka zotsatira, mlandu umene ungamulanditse digiri.

Vuto lenileni lili patsogolo. Pa 54 peresenti munthu amalemba kuti "oposa theka", koma pa 45 mawuwo agwa. Ndiye asake 54 ndi Ctrl+F, kenako awerenge ndi maso chidule cha kumayambiriro, chaputala chokambirana zotsatira ndi malangizo a kumapeto, chifukwa kumeneko nambala imabisala m'mawu ngati "ambiri", amene makina sangawatole.

Bukuli silipita kwa oyesa popanda chilolezo cha mphunzitsi woliyang'anira. Ngati kukonzako kwasintha mfundo, ayenera kudziwa. Uthenga waufupi ukwanira: "Adokotala, pepani ndakuvutitsani usiku. Ndapeza kuti pa tebulo lachitatu ndi 45, osati 54. Ndakonza malo anayi, ndipo mfundo yachiwiri yasintha. Ndipereke, kapena muyambe mwaona?" Ine ndimaona kuti kupempha tsiku limodzi, kudzera kwa woliyang'anirayo ndi mkulu wa dipatimenti, kuli bwino kusiyana ndi kupereka buku limene sanalione momwe lilili.

Likaperekedwa limapita kwa oyesa a m'yunivesite momwemo ndi wina wochokera kunja, aliyense n'kulemba lipoti lake. Oyesa amakonda kuyamba ndi matebulo, n'kuphatikiza okha manambala. Kuphonya kwa malo amodzi kumalowa m'gulu la zokonza zazing'ono. Koma mfundo yaikulu ikatsamira pa nambala yolakwika, angalamule kukonza kwakukulu, bukulo n'kubwereranso kwa iwo, ndipo mwambo wolandira digiri ungamupitirire.

Wophunzirayo akazindikira atapereka kale, asatumize buku lina mwamseri. Auze womuyang'anira, alembe tsamba, nambala yolakwika ndi yoona, apite nazo ku mayeso apakamwa, ndipo azitchule yekha asanafunsidwe.